Miyezi Itatu ya pa CV

Mlamu wanga anagwira ntchito miyezi itatu pa golosale ina, kenako anamuchotsa chifukwa chochedwa m'mawa uliwonse. Pa CV analemba kuti "ndinasiya pofuna kudzitukula." Abwana atsopano anangoimba foni kumeneko, ndipo nkhani yonse ya wotchi inatuluka.

Chikhala kuti anandifunsa, ndikanamuuza kuti mzere umodzi ukukwana: dzina la ntchito, mwezi woyamba ndi womaliza, basi. Chifukwa chochokera sachilemba pamenepo. Akakufunsani pa intavyu, yankhani mwachidule: "Anandichotsa chifukwa ndinkachedwa, ndinkachokera kutali. Pano ndinasamukira pafupi." Mukatero khalani chete, osayamba kudya miseche abwana akale. Koma kusamukako kukhale koona, poti mlamuyo akadali ku Chirimba komweko.