Mbande zanga zinakana kutchula maina

Phiri la Bunda ndimaliona ndili khale pakhonde panga. Kuseri kwake kuli koleji imene yaphunzitsa akatswiri a ulimi a dziko lino kwa zaka zoposa 50, koma nzeru zawo zimaoneka kuti zimakwera minibasi n'kulunjika ku Lilongwe, osakhotera kwa ine. N'chifukwa chake chaka chatha ndinathirira repu miyezi itatu kudikira kuti amange mutu ngati kabichi. Mayi a kunyumba akafuna kuthyolako ndiwo ndinkawabweza ngati mlonda wa kubanki. Repuyo anangotalika, kenako n'kutulutsa maluwa achikasu, anthu odutsa kudimba n'kumandifunsa ngati ndayamba kuweta njuchi.

Chaka chino ndinalumbira kuti sizichitikanso. Pa 6 Meyi ndinafesa mizere isanu pa nazale: kabichi wa Copenhagen Market, kabichi wa Drumhead, repu, mpiru ndi chayinizi. Mbewuzo tinachita kugawana ndi anzanga awiri titagula mapaketi ku msika wa Mitundu, aliyense n'kukulunga zake m'timapepala ta m'kope. Mapaketi enieniwo, okhala ndi dzina ndi chithunzi, anatenga ndi amene anasonkha ndalama zambiri, ndipo munthuyo sindinali ine. Mzere uliwonse ndinauzikira kachikwangwani ka katoni, n'kulembapo ndi bolopeni mwaluso ngati mlembi wa kwa amfumu. Kheni inafufuta inki m'masiku atatu. Zotsalazo chiswe chinamaliza.

Nditaona choncho ndinakumbuka alamu anga a ku Nathenje, achimwene awo a mayi a kunyumba, amene ndiwo zawo zamasamba zimagulidwa ndi a magalimoto odutsa pa msewu wa M1. Kupita kumeneko n'kulipira njinga yamoto, kuwonjezapo shuga wa m'manja. Kutumiza chithunzi n'kabandulo chabe. Ndinatsanulira njere zotsala m'dzanja, n'kujambula, n'kutumiza pa WhatsApp ndi funso laulemu lakuti kabichi ndi uti pamenepa.

Yankho linabwera la mawu, ndipo linayamba ndi kuseka kwa nthawi ndithu, kuseka kodya bandulo yanga. "Alamu," anatero atapuma, "kabichi, repu, mpiru ndi chayinizi ndi ana a bere limodzi. Njere zawo zonse n'zozungulira, zoderako kapena zakuda, zosakwana mamilimita awiri. Mpiru ndi chayinizi zimachepako pang'ono, koma inuyo mwaziika zonse m'dzanja limodzi. Chimene ndaona bwino pachithunzipa ndi chipsera cha chikwanje." Anati zikanakhala za tomato ndi tsabola bwenzi atandithandiza, chifukwa njere ya tomato ndi yaphwatalala yokhala ndi tiubweya pamene ya tsabola ndi yosalala, ndipo ya anyezi ndi yakuda bii ya ngodyangodya. Koma pa banja la kabichi, njere siulula kanthu.

Ndinadikira. Tsiku lachisanu ndi chiwiri nazale yonse inabiriwira, ine n'kuimirira chapatali dzuwa lili paliwombo, kujambula mizere yonse kamodzi. Pachithunzipo panatuluka chithunzithunzi changa chomwe, chipewa ndi makutu, chitaphimba mizere itatu. Alamu anati munthuyo amuzindikira, koma mbandezo ayi.

Apa m'pamene anandiphunzitsa chinthu chimene ndakhala ndikuchiona kuyambira ubwana osachilabadira. Timasamba tiwiri timene timayamba kutuluka si masamba enieni a chomeracho. Ndi kamba wa paulendo amene njere imanyamula, ndipo pa banja lonseli timafanana: tiwiri, tooneka ngati impso, tokhala ndi kamphako kumapeto. Masamba enieni amatulukira pakati pa tiwirito, limodzilimodzi, ndipo ndi amenewo amene amanena mtundu. "Dikirani mpaka pakhale enieni atatu," anatero. "M'nyengo yozizira ino ndi milungu itatu. Mukadali ndi nthawi, chifukwa kuwokera n'kwa pa milungu inayi kapena isanu, mbande ili ndi masamba anayi kapena asanu." Kenako anandiuza mmene munthu wamkulu amajambulira mbande.

Pa 27 Meyi ndinalawirira mmamawa dzuwa lisanawale kwambiri. Ndinathirira kaye kuti dothi lifewe, n'kuzula mbande imodzi pa mzere uliwonse, yapakati, osati ya m'mphepete pamene njere za mzere wina zimatha kugubuduzikira ndi madzi. Iliyonse ndinaigoneka pa pepala loyera la m'kope la mwana, n'kulemba nambala ya mzere papepala pomwepo, chifukwa zithunzi zikafika uko zimasokonekera ndondomeko. Pambali ndinaika kamtengo ka machesi kuti aone kukula kwake. Ndinapukuta diso la foni ndi malaya (linali ndi mafuta a zitumbuwa za dzulo lake), n'kukhala pamthunzi, kuyandikira pafupifupi chikhatho chimodzi, n'kugunda chala pa tsambalo pagalasi kuti foni iyang'ane pomwepo. Mbande iliyonse zithunzi ziwiri, pamwamba pa tsamba ndi kunsi kwake. Chachitatu anandiuza kuti ndidonthezere dontho la madzi pa tsamba. Potumiza, mwana anandionetsa kusankha Document m'malo mwa Gallery, kuti chithunzi chisafinyidwe mpaka tiubweya kusowa. Bandulo inalira, koma zinapita.

Nthawi yonseyi agogo ena a dimba loyandikana ndi langa anali ataima ndi khasu paphewa, kuonerera bambo wa ana anayi atagwada m'matope akujambula ndiwo ngati mkwatibwi.

Mzere wachiwiri alamu sanachedwe nawo. Masamba obiriwira motuwira ngati msipu wanthete, otambalala, okhala ndi tiubweya toonekera bwino kunsi, msempha wapakati woyera ndi wotakata umene tsamba limatsika nawo mpaka pansi, popanda kaphesi koonekera. Ameneyo ndi chayinizi. Mzere wachinayi, masamba opyapyala obiriwira mowala, m'mphepete muli mano ngati sowo, dontho la madzi litangoyala pa tsamba. Anati ndi mpiru, koma kuti nditsimikize nditafune tsamba limodzi. Ndisanatero n'komwe agogo aja anabudula kansonga, kutafuna, kutsinzina diso limodzi, n'kunena kuti, "Mpiru uwu, mwana wanga, ukulasa m'mphuno." Sanalipire bandulo ngakhale ya tambala.

Ntchito inali pa mizere itatu yotsala, ndipo apa ndi pamene ndinagwera chaka chatha. Kabichi ndi repu onse ali ndi masamba obiriwira mopita kobuluwu, okutidwa ndi kaphula kotuwa kamene kamachoka ukapaka chala. Dontho la madzi pa onsewa limaima lozungulira ngati mkanda. Amati safunsa anadya phula, ine ndinafunsa, phulalo n'kulipeza pa mizere itatu yonse. Alamu anandiuza kuti ndisiye kuyang'ana mtundu wa tsamba, ndiyang'ane kapangidwe kake, makamaka tsamba lachitatu. La kabichi ndi lochindikala, losalala lopanda ubweya, lozungulirako ngati supuni, timano take ting'onoting'ono. La repu limakhala pa kaphesi kotalikirapo, m'mphepete mwake muli mafundemafunde, limayamba kutulutsa timakutu m'munsi cha ku kaphesi, ndipo likadali lanthete limakhala ndi tiubweya tapatalipatali timene chithunzi chofinyidwa chimameza. Mzere wachitatu unali ndi timakutu. Woyamba ndi wachisanu unalibe. Komabe anati ndijambulenso pakatha masiku asanu, tsamba lachinayi litatambasuka, chifukwa mbande zothithikana zimatalika mapesi n'kunamiza munthu. Ndinajambulanso, chigamulo sichinasinthe.

Zonsezi sizongofuna kudziwa maina. Kabichi amafuna malo, masentimita 60 kuchoka pa phando lina kufika pa lina, ndipo umamusiya osamuthyola mpaka mutu ulimbe. Repu amawokeredwa mothinana kuposa apo, ndipo pakangotha milungu itatu kapena inayi umayamba kuthyola masamba a m'munsi mlungu ndi mlungu. Ukasinthanitsa, kabichi wothinana amabala timitu ngati zibakera za mwana, atayambanso wathyoledwa masamba amene akanadyetsa mutuwo, pamene repu amakhala pabwalo lalikulu ngati bwana, akudya manyowa a ngolo yathunthu.

Ndinafunsa funso lomaliza ndili ndi mtima wa munthu wopambana: pakati pa mzere woyamba ndi wachisanu, Copenhagen ndi uti, Drumhead ndi uti? Alamu anakhala chete kanthawi. "Alamu, chithunzi chimanena kuti uyu ndi kabichi. Kuti ndi kabichi wanji, ngakhale mutapita nazo ku Bunda mbandezo, akuuzani kuti dikirani. Dzina limakhala pa paketi." Anati n'chimodzimodzi tomato: mbande ya Roma ndi ya Moneymaker pa nazale n'zofanana, umadzazindikira wina ataleka kukula pamene mnzake akupitirira mtengo womangirira. Pa kabichi wangayu kusiyana kwake n'kwa nthawi ndi kukula. Copenhagen amakhwima msanga, pa miyezi iwiri ndi theka chiwokerereni, mutu wozungulira wocheperapo, ndipo ukamuchedwetsa amang'ambika. Drumhead amafuna mwezi wina pamwamba pake, mutu waukulu waphwatalala, ndi malo okulirapo.

Langizo lawo linali losavuta. Popeza mizere iwiriyo sinasakanikirane pa nazale, ndisaisakanize powokera. Mzere woyamba ukhale ndi mabedi akeake, wachisanu akeake, onse ndiwapatse mpata wa Drumhead, ndipo mitu ikayamba kumanga idzanena yokha. Chizindikiro chikhale nsungwi yosemedwa ndi mpeni, mzera umodzi kapena isanu, osati katoni.

Pa 8 Juni madzulo, dzuwa litapepa, tinayamba kuwokera. Ndinazula mzere woyamba ndi dothi lake n'kuika m'beseni, wachisanu m'ndowa, ndipo ndinalongosolera banja lonse kawiri, ndi mawu a munthu amene waphunzira. Kenako foni inalira, alamu akufunsa ngati zikuyenda, ine n'kupatuka kukaima pachulu pamene netiweki imagwira, kuwafotokozera mmene ndakonzera zinthu mwadongosolo. Pobwerera ndinapeza mwana wanga wamng'ono akumwetulira, ndowa ili m'manja yodzaza madzi. Anati anaona kuti kheni imodzi ikuchedwetsa ntchito, ndiye mbande za m'ndowa wazisamutsira m'beseni, waziyala bwinobwino pamodzi ndi zinzake kuti zisafote.

Mayi a kunyumba anayang'ana besenilo, n'kundiyang'ana ine. "Bambo a mwana, jambulani mutumize kwa achimwene."

Pano ndi Ogasiti. Bedi lililonse lili ndi mitu ina yolimba yofuna mpeni lero lomwe, ina yoti ikadali kuganiza, ndipo m'mawa uliwonse ndimayenda phando ndi phando kufinya mitu ngati sing'anga. Wogula wa ku Mitundu amene ndinamulonjeza ngolo yodzaza tsiku limodzi anabwera dzana, n'kubwerera ndi mitu 23 pa njinga yakapalasa.