Nyerere za m'sola

Chilala cha 2024 chitaphwetsa Kariba, ZESCO n'kumazimitsa malaiti usana ndi usiku, a m'tauni anayamba kuthamangira sola amene ife a kwa Nyampande tinamuzolowera kalekale. Mashopu a pa Petauke ndi pa Nyimba anadzaza mapanelo onyezimira, ndipo chikomekome cha mkuyu chinapeza ntchito yatsopano. Kungoti nkhuyu umaing'amba n'kuziona nyererezo. Panelo ukaing'amba, wagula.

Choncho nyerere zake timazisaka ndi tepi. Dzuwa likaswa mtengo, panelo yabwino ya mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imatulutsa mawati pafupifupi 200. Ndiye mukaona kapanelo ka mita imodzi m'litali, theka la mita m'lifupi, kumbuyo atamata pepala loti 300W, dziwani kuti pepalalo ndi limene lili ndi mphamvu. Kapaneloko n'ka mawati 100 basi.

Igwireni m'makona muipotoze pang'ono. Felemu ya aluminiyamu yochindikala mamilimita 30 kapena 35 imakana. Yopyapyala imagonja, ndipo pa njinga, pamsewu wa mabampu, maselo a m'katimo amang'aluka osaoneka. Galasi liyenera kukhala lolimbitsidwa, la mamilimita 3.2. Mukaona tithovu kapena nthunzi pansi pake, madzi analowa kale.

Koma pa waya m'pamene makolo angatiseke. Waya weniweni wa sola ndi wa kopa wokutidwa ndi tini: kunja ngotuwa, wosasangalatsa, koma mukaupala ndi mpeni m'kati mumafiira. Wachinyengo ndiye wofiira bwino kunja, mukapala mupeza aluminiyamu woyera. Wonyansa ndiye mkwatibwi, wokongola ndiye mkuyu! Ndipo izi zikutichitikira m'dziko la kopa, malole ake tikuwaona akudutsa pa Great East Road.

Wogulitsa adzati, “Akulu, mukapala ndiye kuti mwagula.” Musakangane naye. Pemphani kachidutswa ka waya amene amagulitsa pa mita, mupalire pomwepo, mukapinde kangapo. Aluminiyamu sachedwa kuthyoka. Pachikopa cha waya wabwino pamalembedwa 4mm². Ena amanenepetsa chikopa, m'kati muli titsitsi towerengeka, choncho yang'anani kumapeto kumene adula.

Apa nthabwala imandithera. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi ochepera pa magawo awiri mwa atatu a kopa wofanana naye, ndipo pa batire ya mavoti 12 palibe zotaya. Waya amatentha, batire sidzaza, pakapita miyezi yafa, pomwe ndalama yake inali ya nshawa za chaka chathunthu.

Musachoke musanaitembenuze paneloyo. Kabokosi kakuda kumene mawaya amatulukira kakhale komatidwa mozungulira, chivundikiro chothina, mawaya osagwedera mukawakoka. Kakakhala ndi mpata, mvula ya Januwale imalowa, dzimbiri n'kudya polumikizira. Kotsalako amabwera kudzamanga ndi nyerere, zenizeni za miyendo isanu ndi umodzi, ndipo lendi salipira.