Ngongole zikakwatirana, ana ake ndi chiwongoladzanja

Ife amene malipiro athu amafika pa 27 n'kutsanzika pa 28 tili ndi luso limodzi: kukongola kuti tibweze ngongole. Akubanki analipatsa ulemu luso limeneli, amati kuphatikiza ngongole zonse kukhala imodzi. Ine, monga katswiri wozimitsa foni kumapeto kwa mwezi, ndikuti nzeruyi imapulumutsa munthu pokhapokha ndalama zonse zimene adzabweze zikachepa, osati zimene azidulidwa pamwezi.

Tiyerekeze kuti muli ndi K200,000 ya katapila pa 30 peresenti pamwezi, ndi K100,000 ya banki m'khonde pa 20 peresenti. Chiwongoladzanja chokha ndi K80,000 mwezi ndi mwezi, mwini ngongole ali chikhalire, akunenepa. Banki ikakupatsani K300,000 pa 3 peresenti pamwezi, yowerengera pa ndalama zotsala, kwa miyezi 12, muzibweza pafupifupi K30,000 pamwezi, ndipo chiwongoladzanja cha chaka chonse chingokwana K62,000. Chaka cha kubanki chatsika mtengo kuposa mwezi umodzi wa kwa akatapila ndi banki m'khonde. Apa thamangani, ngakhale patapata aduke.

Koma ife sitikonda miyezi 12. Kalaliki akangotchula kuti pa miyezi 36 tizidulidwa K13,700 yokha, timamuona ngati mngelo wovala tayi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: chiwongoladzanja chakwera kufika pafupifupi K195,000, kuwirikiza katatu, tisanawerenge ndalama yokonzera ngongole ndi ya inshulansi. Amene wathawa katapila apindulabe, koma ngati ngongole zakalezo zinali kale za 3 peresenti ndipo zikanatha chaka chino, wangogula zaka zina ziwiri za ukapolo. Choseketsa n'chakuti timaponyamonso K50,000 ya alamu, imene sinkabereka kanthu kupatula nkhope yokwinya pamaliro, n'kuyamba kuilipirira chiwongoladzanja.

Wina anena kuti munthu amafunika kupuma, ndiponso kwacha ikamagwa mphamvu ngongole yaitali imapepuka. Zoona, kubweza pang'onopang'ono kuli bwino kusiyana ndi kulandidwa firiji ana akuona. Koma kugwa kwa kwacha kumapeputsa ngongole ya munthu amene malipiro ake akukwera, pamene athufe amakwera ngati nkhalamba pa phiri la Mulanje. Ndipo kupumako timapumira kuti? Kwa akatapila omwe aja, amene tsopano amatilandira ndi manja awiri poti tinabweza bwino. Ngongole zinali zitatu, zakhala imodzi, pofika Khirisimasi zili zinayi.

Choncho musanasayine, chulukitsani za pamwezi ndi miyezi yake, muwonjezere zolipira zonse, muyerekeze ndi zimene mukanabweza mukanangopirira. Kenako fufuzani chimene chinabala ngongolezo. Ngati anali matenda kapena fizi, kuphatikiza kuthandiza. Ngati n'chakuti mumalandira K250,000 n'kumadya K300,000, banki ilibe fomu yake.