Zilembo 2,600 zodzitamira

Kwathu kuno tinakula tikuuzidwa kuti munthu sadzitama yekha. Amakutama ndi anzako, makamaka pamaliro ako, pamene mwiniwe sungadzuke n'kuwatsutsa. Ndiye LinkedIn yabwera ndi kabokosi kotchedwa `About`, kolowa zilembo 2,600, kuti udziyamikire wekha udakali moyo. Ine ndine mphunzitsi wa masamu pasekondale yoyendera, choko chandiyeretsa mpaka nsidze, ndipo mtima uli ku mabungwe omwe si aboma, aja a magalimoto oyera a mlongoti kutsogolo. Ndikufuna ntchito yosonkhanitsa ndi kusanthula manambala. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, choncho ndinalemba.

Ndinayamba mwaulemu wake: dzina, mudzi, mfumu yaikulu, boma. Kenako ndinafotokoza kuti ndine woopa Mulungu, wolimbikira, wodziwa kugwira ntchito popanda wondilondalonda. Mlamu wanga, amene ntchito yake n'kulemba anthu ntchito pakampani ina ku Kanengo, anawerenga pafoni n'kundiyang'ana mwachisoni.

"Alamu, mukufuna ntchito kapena mukufunsira mbeta?"

Anandionetsa kuti munthu akatsegula tsamba lako amangoona mizere itatu kapena inayi yoyambirira, yotsalayo imabisala kuseri kwa `see more`. Mizere yanga yooneka inathera pa agogo a Gulupu. Anatinso iwo akamasaka munthu amalemba mawu ngati `Excel`, `data collection` kapena `monitoring and evaluation`, ndipo amene mawuwa mulibe patsamba pake satulukira msanga. "Chiyambire ntchitoyi," anatero, "sindinasakepo munthu wolimbikira. Aliyense amalemba kuti ndi wolimbikira, ngakhale uja tinamuchotsa chifukwa chogona mu sitolo."

Vuto la munthu wosintha ntchito ndi lakuti wolemba ntchito akaona mawu oti mphunzitsi amangoganiza za bolodi ndi ndodo. Uyenera kumuonetsa zimene unkachita m'njira yoti azione ngati ntchito ya kwawo. Mlamu anandifunsa zimene ndimachita teremu ikamatha, kupatula kubwereka ndalama. Ndinawerengera: makalasi 4, lililonse ana 60, onse pamodzi 240. Malikisi awo ndimawalowetsa mu Excel, ndimapeza avereji, ndimaona mutu umene ambiri agwa nawo, n'kulemba lipoti lopita kwa ahedi ndi komiti ya makolo. Mayina a ana a Fomu 4 olemba MSCE ndimawaunika ndine asanapite ku MANEB, chifukwa chilembo chimodzi chikalakwika, kholo limabwera kunyumba kwako osati kusukulu.

"Imeneyo ndiye ntchito mukuifunayo," anatero mlamu. "Mwakhala mukuigwira ulere."

Nkhani imeneyi sinandisangalatse monga ankayembekezera.

Tinalemba m'Chingerezi, poti olemba ntchitowo amasaka m'Chingerezi, koma mutu wake unali uwu. Mzere woyamba ukunena kuti ndine mphunzitsi wa masamu amene akufuna ntchito yosanthula manambala m'mapulojekiti a maphunziro. Wachiwiri ukupereka umboni: teremu iliyonse ndimasonkhanitsa ndi kusanthula zotsatira za ophunzira 240 mu Excel, ndipo malipoti anga ndi amene sukulu imagwiritsa ntchito posankha mitu yobwereza. M'munsi tinaikamo za banki m'khonde ya aphunzitsi 18 imene buku lake ndimasunga ndine. Zoti ngongole ziwiri zazikulu m'bukumo n'zanga tinagwirizana kuti LinkedIn ilibe nazo ntchito.

Chifukwa chosinthira ntchito mlamu anandipatsa chiganizo chimodzi chokha. Ine ndinali nditakonza ndime yonse ya malipiro, lendi ndi mtengo wa thumba la chimanga. Anaifufuta yonse, akuti wodandaula za abwana akale amaoneka kuti adzadandaulanso za atsopano. Tinalemba kuti ndikufuna manambala anga azithandiza sukulu zambiri osati imodzi. Ndi zoona ndithu, ngakhale si zoona zonse.

Pa KoboToolbox, pulogalamu imene mabungwe amasonkhanitsira mayankho pafoni, ndinkafuna kulemba kuti ndine katswiri, popeza ndinaonerapo mnzanga akuigwiritsa ntchito. Anandiletsa. Akuti pa intavyu amangokupatsa laputopu n'kukuuza kuti upange fomu ya mafunso asanu, ndipo thukuta limayankha m'malo mwako. Tinalemba kuti ndikuiphunzira, zomwe zinandikakamiza kuyambadi kuiphunzira.

Chomaliza chinali `Open to Work`. Ukasankha kuti aliyense aone, chithunzi chako chimavala kansalu kobiriwira kolengeza kuti uli pamsika. Ndinasankha kuti aone olemba ntchito okha, ndikuti ndachenjera. Koma `About` sabisika. Lolemba lotsatira ahedi anandiitana ku ofesi, nkhope ili mwee.

"Aphunzitsi, ndawerenga zimene mwalemba zija. Sindimadziwa kuti tili ndi munthu wa Excel pompano."

Panopa malikisi a sukulu yonse, Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndikulowetsa ndine. Mabungwe aja sanaimbebe.