Loya adafuna mapepala, ine ndili ndi pakamwa

Kuno ku Likhubula anthu amandidziwa ngati munthu wa malamulo. Sukulu yake sindidapiteko, koma masiku amene ndinkanyamulira alendo zikwama kukwera ku Chambe ndidanyamulapo chikwama cha jaji wina wopuma pantchito, ndipo chiyambire pamenepo milandu ya mbuzi zodya chinangwa cha eni imayamba yadzera pakhonde panga. Choncho alamu anga atatisiya, abale awo n'kuyamba kuyang'ana galimoto ya malemu ndi diso la njala, achemwali anga sadavutike kusaka munthu wowaperekeza kwa loya. Mwinimbumba ndine.

Mphwanga, mwana wa achemwaliwo, ndiye adaimba foni ku ofesi ina ya maloya ku Limbe. Posakhalitsa padabwera kalata pa WhatsApp yotsimikiza tsiku: Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, nthawi yokambirana ola limodzi. Mpaka apo ndidagwedeza mutu ngati munthu wozolowera. Kunsi kwake ndiye kudali mndandanda wa zoti tibweretse: chiphaso chaunzika cha mayi wamasiye, chiphaso cha imfa ya malemu, umboni wa ukwati, ziphaso zobadwira za ana, wilo ngati ilipo, bulubuku ya galimoto, mapepala akubanki, ndi K50,000 ya kukambirana koyamba. Pepala lililonse lenileni pamodzi ndi fotokope yake.

Ine diso lidathamangira pa ndalamapo. Ma K5,000 khumi! Ndidawatsimikizira achemwali, ndi mawu a munthu wodziwa, kuti mtengowo si woipa poti tikupulumutsa galimoto yonse. Mphwanga adandiwerengera mzere wotsatira pang'onopang'ono, ngati akuwerengera agogo ake. Ndalamayo ndi yogulira ola lija basi: loya amve nkhani, aone mapepala, anene ngati pali mlandu ndi njira yake. Sibwezedwa ngakhale atanena kuti palibe chimene mungaphule. Akavomera kuugwira mlanduwo, mtengo wake ndi wina, ndipo za kukhothi n'zapadera. Ndidati n'zimene ndimatanthauza.

Tsono taonani mmene mapepala amamuvulira munthu ulemu.

Chiphaso cha imfa ndinkachiyesa chosavuta. Maliro tidaika masana dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse udadya nsima, amfumu adalankhula mpaka mvula idagwa. Umboni winanso wotani? Koma banki simva za nsima ya pamaliro. Alamu adamwalirira pakhomo, osati kuchipatala, kotero nkhani idayenera kuyambira kwa nyakwawa, achitire umboni kuti munthu wawo adamwaliradi, kenaka ipite ku ofesi ya kalembera wa dziko, ya NRB, kuboma ku Mulanje. Kumeneko amafunanso chiphaso chaunzika cha malemuyo. Chiphasocho tidachisaka nyumba yonse. Chidapezeka m'thumba la jekete imene ine ndidaitenga pa tsiku lometa kuti ndiwasungire ana, ndipo ndakhala ndikuisunga mokhulupirika Lamulungu lililonse kutchalitchi.

Umboni wa ukwati ndiwo udandiutsa mkwiyo. Achemwali ndi alamu adalowana mwachikhalidwe chathu, pachinkhoswe, alamu n'kubwera kudzakhala chikamwini kuno. Nkhoswe ya kuchikazi ndidali ine ndemwe, nkhuku ndidang'amba ndi manja angawa. Ndidalamula mphwanga kuti alembere ofesiyo kuti umboni ubwera ukuyenda ndi miyendo iwiri. Adatiyankha mwaulemu kuti palibe vuto: lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wachikhalidwe, koma popeza palibe setifiketi, ankhoswe adzafunika kulemba chikalata cholumbira pamaso pa munthu wololedwa kulumbiritsa. Ndiye kuti ngakhale ine, munthu wamoyo wa ndevu zaimvi, ndisanduke kaye pepala lokhala ndi chidindo kuti andikhulupirire.

Wilo padalibe. Alamu ankati kulemba wilo n'kudziitanira imfa, ndipo pa mfundo imeneyi tinkagwirizana kwambiri tikakhala pa kabanga.

Tsikulo ndidavala jekete ija, tidakwera kabaza mpaka pa Chitakale, pamenepo minibasi yodzera msewu wa Midima. Njira yonse ndinkakonza malankhulidwe anga, kuyambira chaka chimene alamu adabwera kudzafunsira mbeta atavala nsapato zobwereka. Ndidatenganso zinanazi ziwiri, poti kwa munthu wamkulu supita chimanjamanja. Mayi wolandira alendo adazilandira zinanazizo ndi manja awiri, adathokoza, kenaka adafunsa ndalama ya kukambirana. Sizidachotserepo ngakhale tambala. Adatilembera lisiti, mphwanga adaipinda n'kuisunga, ine osaikhudza n'komwe.

Loyayo adali mtsikana woti ndingamubale. Nditangoti, "Zikomo mayi, nkhaniyi idayamba kalekale," iye adati, "Pepani bambo, ndiyambe ndaona mapepala." Adawayala patebulo motsatana, nakhala chete akuyendetsa chala. Ine ndinkayang'ana wotchi yapakhoma n'kumawerengera: ola la K50,000, ndiye kuti mphindi iliyonse ikudya ndalama zoposa K800, ndipo mayiyu akuzidya ali duu.

Chala chidaima. Pa chiphaso chaunzika, chimene alamu adalembetsa pa kalembera wa 2017, dzina lachiwiri lidali la bambo awo. Pa bulubuku padali dzina la mfunda wawo. Kubanki adalembetsa la bambo awo lomwelo, koma pamene chiphaso chili ndi "l" iwo adaika "r". Kwa ife munthu ndi mmodzi, tidamuika tokha m'manda. Kwa banki ndi ofesi yoona za magalimoto amenewa ndi amuna atatu, ndipo achemwali adakwatiwa ndi mmodzi yekha. Mankhwala ake ndi chikalata chinanso cholumbira chonena kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi. Apa m'pamene ndidamvetsa chifukwa chake amafuna mapepala enieni: pa fotokope imene tidapangitsa pa Chitakale, inki idali itazilala moti "l" ndi "r" zinkaoneka ngati mapasa.

Zotsalazo adazifotokoza mwachidule. Munthu akamwalira opanda wilo, lamulo la chuma chamasiye la 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana ndi ena amene ankadalira malemuyo, ndipo kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Komabe lamulo kukhala kumbali yako sikutsekula akaunti. Pamafunika makalata ochokera kukhothi opatsa munthu mphamvu zoyendetsa chumacho, ndipo popempha makalatawo mumayenera kutchula katundu yense ndi mtengo wake, ngongole zomwe. Apo achemwali adatchula ngongole ya alamu ku banki m'khonde, komanso anthu amene malemuyo ankawadai. Dzina langa lidatuluka loyamba. Loya adalemba. Ndidapempha kuti zimenezo zifufutidwe poti zidali za pachibale, iye adati ndalamazo tsopano ndi za ana.

Achemwali adafunsa ngati pali njira ya munthu wosauka. Loya sadabise: kuli bungwe la boma la Legal Aid Bureau lothandiza anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ndipo chuma chikakhala chochepa, ofesi ya DC imathandiza pa nkhani zotere. Adati tipite tikaganize kaye tisanasaine kalikonse, ndipo atitumizira kalata ina yonena mtengo wa ntchito yonse.

Patatsala mphindi zisanu adatembenukira kwa ine. "Bambo, munali ndi mawu?"

Ndidakonza kukhosi, ndidakoka kolala ya jekete, n'kuyamba za nsapato zobwereka zija. Adamvetsera mwaulemu ndithu, kenaka adafunsa achemwali ngati zovala za malemu zidagawidwa kale. Achemwali adandiyang'ana kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno.

"Achimwene," adatero, "vulani, ilowe pa mndandanda."