Musamatseke golosale musanawerenge, adzukulu inu

Khalani pansi nonse awiri, iwe wa golosale ya ku Chileka ndi iwe wa ku Lirangwe, ndipo mafoniwo muyambe mwawavundikira. Ndamva kuti dzuwa likalowa mumangosuzumira m'bokosi la ndalama, n'kunena kuti "zikuoneka ngati zakwana", kenako loko khethe. Zikuoneka! Ine agogo anu ndakalamba chonchi, sindinamvepo kuti ndalama amaziwerenga ndi m'maso.

Ife kale tinkangoyerekeza kope ndi ndalama za m'bokosi, basi. Inu muli ndi mboni yachitatu, foni, ndiye foniyo ili pawiri, Airtel Money ndi Mpamba. Mboni zitatuzi zisanagwirizane, wakauntala sapita kukadya nsima.

Iwe wa ku Lirangwe, bwera nalo kuno kope la dzulo, tiwerengere pamodzi. Walemba kuti unagulitsa katundu wa K180,000. Pamenepo pali ngongole ya K10,000, shuga ndi mafuta ophikira zimene anatenga aphunzitsi aja kuti adzalipira pakutha pa mwezi. Imeneyo ichotse, m'bokosi mulibe. Pali olipira pafoni, K50,000 pa Airtel Money ndi K20,000 pa Mpamba. Chotsanso. Ya pamanja yatsala K100,000. Tsopano onjezera K15,000 ya chenje imene unayambira m'mawa, uchotse K12,000 imene unatapa m'bokosi kulipira wabuledi. M'bokosi muyenera kukhala K103,000. Iwe unapeza zingati? K93,000. Ndiye unayamba kuyang'ana mnyamata wako wonyamula makatoni ndi diso lofiira, mwana wa eni ake.

Ukanatsegula foni usanatsegule pakamwa. Airtel Money ija m'mawa inali ndi K30,000, madzulo K90,000. Yakwera ndi K60,000, pomwe kope likuti K50,000. Nayo K10,000 yako, yakhala phee m'foni. Kumbuka bwino: masana kunabwera mayi wina, ejenti wapafupi atamuuza kuti alibe ndalama ya pamanja, iye n'kukutumizira K10,000 pafoni, iwe n'kumupatsa ya m'bokosi. Unachita chifundo, sindikukana, koma cholembera chinali patali bwanji? M'bokosi mukaperewera ndalama yofanana ndendende ndi imene yapitirira m'foni, palibe wakuba, pali waulesi wolemba. Ndipo taona, ukanapanda kulemba balansi ya m'mawa, sitikanadziwa poyambira. Uzilemba tsiku lililonse usanagulitse ngakhale machesi.

Iwe wa ku Chileka usaseke, mlandu wako ndiye waukulu. Kwa iwe m'bokosi munakwana bwinobwino, koma kope limati Mpamba walandira K25,000 pomwe balansi inakwera ndi K17,000 yokha. Kusiyana kotere kumapweteka, chifukwa katundu wa K8,000 anatuluka ndipo ndalama sinalowe paliponse. Munthu anakuonetsa meseji pafoni yake, iwe n'kugwedeza mutu ngati mfumu, maso ali kumwamba kutsatira ndege yotera pabwalo. Meseji ya pafoni ya wogula si lisiti. Ngakhale italowa pafoni yako, uone kumene yachokera: ikachokera ku nambala wamba ya munthu, ndi yolemba yekha imeneyo. Imba `*444#` ngati ndi Mpamba, `*211#` ngati ndi Airtel Money, uone balansi ndi maso ako katundu asanadutse kauntala. Netiweki ikamavuta, wogulayo adikire. Ukatero ulembe m'kope, pambali pa mtengo, nthawi ndi manambala omalizira a meseji yotsimikizira, kuti madzulo uzichonga umodzi umodzi.

Pali kanthu kena kamene nonse mukundibisira. Foni yolandirira ndalama za golosale ndi yomweyo mumagulira bando yocheza ndi anzanu usiku. Ndalama ikatuluka m'fonimo, kaya ndi bando, kaya wakatapa kwa ejenti ndipo akudula kangachepe, kaya walipirira oda ku Limbe, ilembedwe monga momwe umalembera ya wabuledi.

Ndalama ikapitirira m'bokosi musavinenso. Kawirikawiri ndi munthu amene wabweza ngongole yakale inu osafufuta dzina lake, kapena katundu amene mwagulitsa osalemba. Mawa mukamutsata pakhomo munthu woti analipira kale, mudzandichititsa manyazi kutchalitchi.

Powerenga, tsekani chitseko kaye, muike ma K5,000 paokha, ma K2,000 paokha, mpaka ma K50, mulembe mulu uliwonse. Chenje ya mawa muipatule musanasunge zinazo. Zikasiyana, lembani kusiyanako momwe kulili ndi tsiku lake, osatapa m'thumba mwanu kuti mutseke dzenje, chifukwa shoti yobwera Lachisanu lililonse imaulula mwini wake ikakhala yolembedwa. Loweruka ndikwera minibasi, ndiyambira ku Chileka, ndipo makope onse awiri ndiwapeze ali ndi balansi ya m'mawa pa tsamba lililonse.