Mmene mungalepherere mayeso a IELTS mwaulemu

Amene akufuna kulembanso mayeso a IELTS chaka chamawa, ndi kulipiranso ndalama zake mokondwera, asavutike kufunafuna njira. Gawo la kuwerenga lili ndi mafunso 40 oti ayankhidwe m'mphindi 60, ndipo pakati pawo pali aja opatsa chiganizo n'kufunsa ngati chili TRUE, FALSE kapena NOT GIVEN. Njira yoyamba yodalirika yotayira malikisi pamenepa ndi iyi: bwerani ndi nzeru zanu zonse za kunyumba, ndipo muziyankha zimene mukudziwa inu, osati zimene yanena nkhani ili patsogolo panu.

Tiyerekeze kuti nkhaniyo ikungonena izi: amishoni a ku Scotland anakhazikitsa mishoni ya Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Funso likubwera lakuti amishoniwo anasamuka chifukwa cha malungo. Apa musachedwe. Inu munaphunzira mbiri, mukudziwa kuti malungo anapha anthu ku Cape Maclear, choncho lembani TRUE ndi mtima wonse. Ngati ndinu wokayikakayika mwachibadwa, yang'anani m'nkhanimo, muone kuti mawu akuti malungo mulibe, kenaka gamulani kuti chimene sichinalembedwe ndi bodza, mulembe FALSE. Njira zonse ziwiri zikufikitsani kumene mukufuna, chifukwa yankho lake ndi NOT GIVEN. Nkhaniyo yanena kuti anasamuka, koma chifukwa chake sinachitchule. Akanasamuka chifukwa cha malungo, njala kapena kutopa ndi kuona madzi, mawu a m'nkhaniyo akanakhala omwewo.

Chimene muyenera kupewa ngati mukufuna kulephera bwino ndi kafunso kena kakang'ono kamene opambana amadzifunsa: kodi chiganizochi ndi nkhaniyi zingakhale zoona pa nthawi imodzi? Zikakhala kuti sizingatheke, chimodzi chikugwetsa chinzake, yankho ndi FALSE. Zikakhala kuti chiganizocho chingakhale choona, komanso chingakhale chabodza, nkhani osasintha ngakhale liwu limodzi, yankho ndi NOT GIVEN. Nkhani ili ngati mboni pabwalo la mfumu. Mboni ikati mbuzi inali yakuda, wonena kuti inali yoyera watsutsidwa. Koma ikangoti inaona mbuzi, za mtundu wake sinachitire umboni, ngakhale mudzi wonse ukudziwa mbuziyo. Inu musalabadire zimenezi. Mboni ikakhala chete, iyankhulireni.

Wina anganene kuti ndiye kuti chinsinsi n'kusaganiza, kungofufuza mawu ofanana basi. Ameneyu timulandire ndi manja awiri, pakuti wapeza njira yachiwiri yolepherera. Tengani chiganizo chakuti amishoni anakhala ku Cape Maclear zaka zoposa khumi asanasamuke. M'nkhanimo mulibe pamene atchula kuchuluka kwa zaka, choncho wofufuza mawu alemba NOT GIVEN, mtima uli m'malo. Koma kuchoka 1875 kufika 1881 ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo palibe masamu amene angazitambasule kupitirira khumi. Nkhani yatsutsa chiganizocho popanda kugwiritsa ntchito mawu ake, ndiye yankho ndi FALSE. Kuganiza n'kololedwa, malinga kukuyenda pa zimene zalembedwa ndipo sikukubwereka kanthu kunja. Olemba mayesowa amakonda kubisa kutsutsana m'timawu tating'ono. Nkhani ikati ambiri mwa amishoniwo anadwala, funso n'kuti onse anadwala, pamenepo pali kugundana. Wofuna kulephera azidumpha timawu ngati "onse", "ena", "okha" ndi "nthawi zonse", aziwerenga mayina ndi zaka zokha.

Palinso dandaulo lomveka ndithu, lakuti n'kupanda chilungamo kulanga munthu chifukwa chodziwa zoona. Za malungo zija n'zoonadi, nanga bwanji TRUE ikhale yolakwa? Kuwawa kwake n'komveka, koma mayesowa sakuyesa mbiri. Akuyesa ngati munthu angasiyanitse zimene pepala lanena ndi zimene iye akuganiza kuti likananena. Namwino wopita ku Britain, amene bungwe la anamwino kumeneko limafuna kuti apeze 7 pa kuwerenga akasankha IELTS, adzawerenga zolemba za dokotala tsiku ndi tsiku. Pepala lonena kuti wodwala sagwirizana ndi mankhwala ena ake, lonena kuti amagwirizana nawo, ndi limene silinanenepo kanthu, ndi mapepala atatu osiyana.

Pomaliza, samalani kuti nthawi isakutsalireni. Mafunso amenewa amatsata ndondomeko ya nkhani, kotero yankho la funso lachitatu limakhala pakati pa pamene munapeza lachiwiri ndi pamene pali lachinayi. Wopambana akawerenga kachigawo kameneko kawiri osapeza chovomereza kapena chotsutsa, amalemba NOT GIVEN n'kupitirira. Inu bwererani pamwamba penipeni, muwerenge nkhani yonse kachitatu ndi kachinayi kufunafuna malungo amene mulibe, mpaka woyang'anira mayeso anene kuti zolembera pansi, nkhani yachitatu ya gawo la kuwerengali musanaiyambe n'komwe.